Mphindi khumi ndi ophunzira atsopano mu labotale: muyambe ndi mabotolo atatu

"Ndimagwira ntchito yothandizira mu labotale ya kemisitile pa sukulu ina ya ukachenjede kuno ku Mangochi. Andipatsa mphindi khumi zokha zoti ndilankhule ndi ophunzira a chaka choyamba asanayambe kugwira mankhwala. Akuti ndikambe za kulemba mayina pa mabotolo, za mabotolo otsukira aja, ndi zoti asamalawe mankhwala. Chaka chatha ndinawawerengera malamulo onse a pakhoma, koma sabata yotsatira ndinapezerera mnyamata wina akudzifinyira m'kamwa madzi a m'botolo lotsukira, akuti kunja kwatentha. Ndinene chiyani kuti chaka chino zilowe?"

Achemwali, mphindi khumi n'zokwana, bola malamulo a pakhoma muwasiye pakhoma pomwepo. Ophunzira adzawawerenga okha n'kusayina. Inu nthawi yanuyo muigwiritse ntchito pa mfundo imodzi, chifukwa nkhani zitatu zimene akupatsanizo muzu wake ndi umodzi. Mankhwala ambiri amadzimadzi amene wophunzira wa chaka choyamba adzagwire amaoneka ngati madzi akumwa. Diso silingawasiyanitse, ndipo lilime likamati lisiyanitse limakhala litapsa kale. Chotsala ndi zimene zalembedwa pa botolo basi. Wophunzira akaziona zimenezi ndi maso ake, zina zonsezo amazimvetsa mosavuta.

Choncho musayambe ndi mawu. Konzani mabotolo atatu ofanana. Loyamba muthiremo madzi osungunulira mankhwala aja otcheza ndi makina, lachiwiri asidi wa HCl wa 0.1 M, lachitatu NaOH wa 0.1 M. Lililonse likhale ndi lebulo lake lolembedwa bwino, kenako muliphimbe ndi pepala lomanga ndi mphira. Musachotse lebulo, ingoliphimbani, kuti inunso musaswe lamulo limene mukuphunzitsa. Muvale magalasi oteteza maso ndi gawuni lanu monga mwa masiku onse. Ndiye afunseni kuti: "Mwa atatuwa, madzi ndi ati?" Alekeni ayandikire, ayang'ane, atsutsane. Ena adzaloza ili, ena ilo. Mukaona kuti agawikana, thirani pang'ono za m'botolo lililonse mu kabika kakekake, n'kudonthezamo madontho awiri kapena atatu a mankhwala osintha mtundu aja oyezera asidi ndi alikali, otchedwa universal indicator. Asidi adzafiira, NaOH adzasanduka wa pepo, madzi adzakhala obiriwira kapena opita ku chikasu pang'ono. Kenako vundukulani malebulo. Zonsezi zimatha mphindi zitatu, ndipo m'chipinda mumakhala zii. Pa nthawi imeneyo ndiye muwauze kuti mu labotale muno chinthu chimakhala madzi pokhapokha lebulo litanena choncho.

Kuchoka apo pitani ku lebulo lenilenilo, ndipo apa mukhalitsepo. Ophunzira ambiri amaganiza kuti kulemba dzina ndi ntchito ya kampani yopanga mankhwala. Botolo lochokera ku kampani limabweradi ndi zonse, dzina, mphamvu yake, ndi tizithunzi ta ngozi tokhala m'kabokosi kopendekeka ka mzere wofiira: lawi la moto, chigaza ndi mafupa, dzanja lodyeka ndi dontho. Koma ngozi zambiri sizichokera pa botolo limenelo. Zimachokera pa chotengera chachiwiri, bika kapena kabotolo kamene munthu wapungulirako mankhwala pang'ono n'kunena mumtima kuti ndikumbukira. Pakatha theka la ola pa tebulo pamakhala mabika anayi ofanana, mwini wake wapita kukayeza kulemera kwa china chake, mnzake wasuntha zinthu kuti apeze malo, ndipo palibenso amene akudziwa kuti ichi n'chiyani.

Lebulo labwino limayankha mafunso asanu: muli chiyani, n'champhamvu bwanji, chinakonzedwa liti, anakonza ndani, ndipo n'choopsa motani. Lembani chitsanzo chimodzi pa bolodi, monga NaOH, 0.1 M, tsiku, dzina la wokonza, ndi mawu oti chimawononga maso. Muwauze kuti lebulo limalembedwa chotengera chikadali chopanda kanthu, mankhwala n'kumathiridwa pambuyo. Limamatidwa pa thupi la botolo, osati pa chitsekerero, chifukwa zitsekerero zimasinthana. Pothira, lebulo likhale m'chikhatho, kuti dontho lotsetsereka kukamwa kwa botolo lidutse mbali ina lisafufute zolembazo.

Pa mafunso asanuwo, limene ophunzira amalidumpha kwambiri ndi la mphamvu, ndipo ndili ndi nkhani imene ndimakonda kuwafotokozera chifukwa ndinaiona ndekha mu labotale ina imene ndinkaphunzitsamo. Ntchito ya tsikulo inali yodziwika, kuyeza mamililita 25 a NaOH wa 0.1 M ndi pipeti, kuthira m'fulasiki, kudonthezamo fenofitalini kuti zisanduke pinki, kenako kutsitsa HCl wa 0.1 M kuchokera mu bureti mpaka pinkiyo atazimiririka. Popeza mphamvu za awiriwa n'zofanana, pinki amayenera kutha asidi atatsika pafupifupi mamililita 25. Gulu lina linatsitsa 25, pinki ali phee. Linafika 40, kenako bureti yonse ya mamililita 50 inatha, pinki osasuntha. Anadzazanso bureti, akuganiza kuti fenofitalini ndiye waonongeka.

Nditafika ndinawafunsa kumene anatunga NaOH. Anandilozera botolo la pa shelefu lolembedwa zilembo zinayi zokha, NaOH, popanda china chilichonse. Titafufuza tinapeza kuti linali la 1 M, limene munthu wina anakonza kuti azisungunulirako akafuna wofooka. Kusiyana kwake n'kosavuta kuwerengera. NaOH wa 0.1 M ndi magalamu 4 mu lita imodzi, pamene wa 1 M ndi magalamu 40 mu lita yomweyo. Anawo akanafunika mamililita 250 a asidi, kudzaza bureti kasanu, kuti pinki athe. Tsiku limenelo chinatayika ndi nthawi ndi asidi chabe. Koma chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti mmodzi wa iwo anandiuza kuti ku sekondale kwawo ankakoka mankhwala mu pipeti ndi pakamwa, ndipo akanapanda kupeza kampira kokokera pa tebulo akanachita chimodzimodzi. NaOH wa 0.1 M akalowa m'kamwa amawawa ndipo amafuna kutsukuluza msanga. Wa 1 M amawotcha nyama ya m'kamwa ndi kum'mero, ndipo m'diso angathe kusiya chilema. Pa botolo panali dzina loona, koma nambala imodzi yosowayo ndi imene inali ndi ngozi yonse.

Ngati nthawi ilipo, onjezani chitsanzo chimodzi cha mayina oyandikana. Lembani NaNO3 ndi NaNO2 pa bolodi. Kusiyana ndi kanambala kamodzi, ndipo onse awiri amaoneka ngati mchere wa m'ndiwo. Koma wachiwiriyo, sodiyamu nayitirayiti, magalamu ochepa okha amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino, milomo n'kuda bii, munthu n'kufa. N'chifukwa chake zolemba zothamanga, zoti 2 akuoneka ngati 3, sitizilola. Ndipo botolo lopezeka lopanda lebulo lisanunkhizidwe, lisathiridwe mu sinki, lisaganiziridwe. Wophunzira alisiye pomwepo akuitaneni inu.

Tsopano botolo lotsukira. Ndi kabotolo kapulasitiki kofewa, kawirikawiri ka mamililita 250 kapena 500, kokhala ndi kapaipi kopindika kofika pansi. Mukafinya, mpweya wa m'kati umakankha madzi kutulukira ku kapaipiko. Ana amakakonda chifukwa kamaoneka kosaopsa, ndipo m'maganizo mwawo botolo lotsukira ndi madzi basi. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa m'malabotale ambiri mabotolo omwewo amasungiranso asetoni, etanolo, metanolo, ngakhale mankhwala a kolorini ophera tizilombo. Kupatula a koloriniwo amene amapita ku chikasu pang'ono, onsewo ndi oyera ngati madzi. Makampani ena amasiyanitsa ndi mitundu ya zitsekerero, koma si onse amatsata mitundu yofanana, ndiponso zitsekerero zimasinthana pa nthawi yotsuka. Muwauze kuti mtundu wa chitsekerero usawanamize, awerenge zolembedwa.

Pali chinthu china chimene mungawaonetse mu masekondi khumi. Lembani mawu pa botolo lapulasitiki ndi cholembera cha inki yosafufutika chija, kenako pukutani ndi kathonje konyowa ndi asetoni. Zolembazo zimachoka nthawi yomweyo. Etanolo amachitanso chimodzimodzi, ngakhale mochedwerapo. Ndiye botolo la asetoni lolembedwa ndi inki limadzifufuta lokha dzina pakapita masiku, n'kutsala loyera ngati la madzi. Njira yabwino ndi kugula mabotolo odindidwa kale dzina. Ngati ndalama sizikulola, lembani ndi pensulo pa pepala, mumate, n'kukutira ndi tepi yoonekera kuzungulira botolo lonse, ndipo muziliyendera sabata iliyonse. Botolo limodzi likhale la chinthu chimodzi moyo wake wonse. La asetoni likatha lisadzazidwe madzi chifukwa choti lili pafupi, ndipo limene munali asetoni lisathiridwe mankhwala a kolorini, pakuti awiriwa akakumana amatentha n'kupanga kolorofomu.

Kwa inu a ku Mangochi pali nkhani ya kutentha imene mabuku olembedwa kumayiko ozizira saitchula kawirikawiri. Asetoni amawira pa madigiri 56 okha. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunyanjako masana kumadutsa madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, nthunzi ya asetoni imachuluka m'botolo lotsekedwa. Mphamvu imene nthunziyo imakankhira pa madigiri 35 ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri ya pa madigiri 20. Nthunziyo imagwira ntchito ya dzanja lofinya, ndiye botolo limayamba kudontha lokha palibe wolikhudza. Mukapeza kadziwe pansi pa kapaipi m'mawa kunali kouma, chifukwa chake n'chimenecho. Asetoni sachedwa kugwira moto, ndipo nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chokwawa pa tebulo mpaka kukapeza lawi la banseni limene lili patali ndithu. Mabotolo opangidwira mankhwala otere amakhala ndi kabowo kotulutsira nthunzi. Ngati anu alibe, musawadzaze kwambiri, muwachotse pa windo pofika dzuwa, ndipo tsiku loyatsa moto asapezeke pa tebulo n'komwe.

Muwaonetsenso kagwiridwe kake. Nsonga ya kapaipi isakhudze chimene akutsuka. Dzanja likamasula, botolo limakoka mpweya kubwerera m'kati, ndipo ngati nsonga yaviikidwa m'fulasiki imakokera mankhwala a m'fulasikimo kulowa m'botolo. Kuyambira pamenepo madziwo aipa, ndipo aliyense wotsuka nawo akufalitsa zoipazo. Mukakayikira botolo la madzi, pali poyezera posavuta. Finyirani pang'ono mu chubu, yesani ndi pepala la pH, kenako donthezanimo AgNO3. Akachita mbuu ngati mkaka wosungunula, muli kolorayidi, kutanthauza kuti mwina wina anadzazamo madzi a pampopi kapena a pamjigo, mwinanso HCl analowamo. Tayani, tsukani, dzazani ena.

Zimenezi zikutifikitsa kwa mnyamata wanu uja. Kunena zoona, madzi otcheza ndi makinawo pa okha si poizoni, ndipo mukawauza ophunzira kuti ndi poizoni, wina wodziwa adzakutsutsani, mawu anu ena onse n'kupepuka. Auzeni chilungamo. Vuto ndi botololo: nsonga yake yadutsa m'mafulasiki angati, yagwiridwa ndi magolovesi otani, dzulo munali chiyani. Ndiponso mnyamatayo anachita mwayi kuti botolo limene anatola linalidi la madzi. Likanakhala la metanolo nkhani ikanakhala ina.

Metanolo ndiye chitsanzo chimene ndimasankha pa nkhani ya kulawa, chifukwa amathetsa maganizo oti "ndikangomva kuwawa ndilavula". Maonekedwe ndi fungo lake sizisiyana kwenikweni ndi mowa. Mamililita 10 okha, timasipuni tiwiri ta tiyi, angathe kuchititsa munthu khungu, ndipo cha m'ma 30 angathe kupha. Choopsa kwambiri n'chakuti sapweteka nthawi yomweyo. Chiwindi chimamusandutsa pang'onopang'ono kukhala fomadihayidi, kenako asidi wa fomiki, ndipo asidi ameneyu ndi amene amawononga mtsempha wa maso. Munthu amatha kumva bwinobwino kwa maola 12 mpaka 24, kenako mutu, kusanza, m'mimba, kupuma mothamanga, ndi kuona ngati kuli chifunga. Pofika apo nthawi yabwino yothandizira yadutsa. Etanolo wa mu labotale nayenso si wakumwa, pakuti nthawi zambiri amathiramo dala metanolo kapena mankhwala ena, monga mmene amachitira ndi sipiriti wa pepo wa m'sitolo uja.

Musawanyoze ophunzira pa nkhaniyi, chifukwa kulawa ndi nzeru imene anakula nayo ndipo kukhitchini imagwira ntchito. Mayi amadontheza msuzi wa chambo pa chikhatho n'kunyambita kuti amve mchere. Thobwa timalidziwa kuti lapsa ndi lilime, chidulo cha thelele chimodzimodzi. Kenako ku sekondale analoweza kuti asidi ndi wowawasa, alikali ndi wowawa ndi woterera, ndiye n'zosadabwitsa kuti wina amafuna kutsimikiza. Muwauze kuti kuterera kwa NaOH pa chala ndi mafuta a khungu lawo lomwe akusanduka sopo, kutanthauza kuti khungu layamba kale kudyeka. Muwauzenso kuti kukoma sikutsimikiza kanthu. Mchere wina wa mtovu, ledi asiteti, ndi wotsekemera moti kale ankautcha shuga wa mtovu, ndipo etilini gilayikolo wa m'madzi oziziritsira injini ndi wotsekemeranso koma amapha impso. Akatswiri akale ankalawadi zimene apanga. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden, amene anatulukira kolorini mu 1774, ankadziwika ndi chizolowezi chimenechi, ndipo anamwalira mu 1786 ali ndi zaka 43 zokha. Ambiri amakhulupirira kuti mankhwala amene ankagwira ndi kulawa ndiwo anamufupikitsira moyo.

Ngakhale mchere, shuga kapena gulukosi wa pa shelefu ya labotale asalawidwe. Sanakonzedwe kuti akhale chakudya, ndipo supuni imene inatapamo dzulo mwina inali itangochoka m'botolo lina.

Komabe ophunzira amene amalawa mwadala ndi ochepa. Ambiri amalawa osadziwa. Cholembera chimene chinagona pa tebulo chimapita kukamwa poganiza. Chala chimanyambitidwa potsegula tsamba la buku. Foni imagwiridwa ndi golovesi, kenako n'kukagwiridwa ndi dzanja limene likudya mandasi pa nthawi yopuma. Thukuta la ku Mangochi likamatsikira m'maso, munthu amapukuta ndi kuseri kwa golovesi osaganiza. Ndiye lamulo loti osalawa mulitambasule: osadya, osamwa, osatafuna chingamu, osakoka pipeti ndi pakamwa, ndipo potuluka asambe m'manja ndi sopo ngakhale anavala magolovesi. Mankhwala asasungidwe m'botolo la zakumwa ngakhale kwa mphindi imodzi. Pamenepa simufunika kufotokoza zambiri, chifukwa pafupifupi aliyense anamvapo za mwana amene anamwa palafini wosungidwa m'botolo la zoziziritsa kukhosi.

Pali mbali imene ndi yanu ndi akuluakulu anu, osati ya ophunzira. Mnyamata uja anali ndi ludzu lenileni. Munthu woima maola atatu atavala gawuni m'chipinda chotentha adzafuna madzi, ndipo lamulo lokha silithetsa ludzu. Ikani ndowa ya madzi akumwa ya kampopi panja pa chitseko, pafupi ndi posambira m'manja, ndi shelefu yosiyapo mabotolo awo akumwera. Munene poyera m'mawu anu kuti amene wamva ludzu avule magolovesi, asambe m'manja, atuluke akamwe, palibe amene amudule malikisi. Ine ndinaona kuti chiganizo chimenechi chimateteza ana kuposa kuwaopseza.

Mphindi ziwiri zomaliza muzisungire zoyenera kuchita zinthu zikalakwika, ndipo munene mofatsa, chifukwa wophunzira woopa kukalipiridwa amabisa. Mankhwala akalowa m'kamwa alavule, atsukuluze m'kamwa ndi madzi ambiri kangapo, ndipo mnzake akuitaneni nthawi yomweyo. Ngati wameza, asadzisanzitse. Asidi kapena alikali amene wawotcha potsika amawotchanso pobwerera, ndipo zinthu ngati palafini zimatha kulowa m'mapapo. Asamwe viniga kapena soda pofuna kupha mphamvu ya chimene wamezacho, pakuti kukumana kwa asidi ndi alikali kumatulutsa kutentha m'kati momwemo. Za kumwetsa mkaka kapena mafuta ophikira monga timachitira kumudzi zisachitike. Apite ku chipatala msanga, kaya cha pasukulu kaya cha boma pa Mangochi, ngakhale akunena kuti ali bwino, ndipo pa metanolo mawu akuti "ndili bwino" asamveredwe n'komwe. Wom'perekeza atenge chithunzi cha lebulo pa foni kapena alembe zonse zili pamenepo, chifukwa funso loyamba la dokotala lidzakhala loti wamwa chiyani, champhamvu bwanji, chochuluka bwanji, nthawi yanji.

Mankhwala akagwera m'diso, litsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, zikope zitatsegulidwa ndi zala, kenako ku chipatala. Mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene munthu amaganizira, choncho wina aziyang'ana wotchi. Apa muwachenjeze mwamphamvu kuti dzanja la munthu wodzidzimuka limathamangira botolo lotsukira limene lili pafupi, ndipo m'botolomo mungakhale asetoni kapena kolorini. Botolo la mamililita 500 silingakwanenso kutsuka diso mphindi zonsezo. Musangoloza ndi chala kumene kuli potsukira maso. Yendani nawo mpaka pamenepo, mutsegule madzi aone kuti akutuluka, ndipo mmodzi ayesere kufikapo atatsinzina, mnzake atamugwira pa mkono. Popeza madzi a m'mipopi amatha kusiya nthawi ina iliyonse, pambali pake pakhale chigubu cha malita 20 cha madzi oyera, chokhala ndi kampopi, cholembedwa kuti ndi cha maso okha, ndipo madziwo muziwasintha sabata iliyonse n'kulemba tsiku pa lebulo lake.